Mndandanda wa makasitomala osiya kugula ukamalakwika: zizindikiro ndi kakonzedwe kake

Ndimasamalira mabuku a malonda a holoselo ina yomwe imagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mchere kwa eni magolosale ndi mahokala. Mwezi uliwonse timatulutsa mndandanda wa anthu amene atha masiku ambiri osadzaoda katundu, kuti tiwaimbire foni asanazolowere kwina. Anzanga a m'mashopu ena amabwera kawirikawiri ndi dandaulo lofanana: mndandanda watuluka, koma ukunama. Wina yemwe anali pa kauntala dzana ukumuonetsa ngati wothawa, pomwe amene sitinamuone chiyambire Pasaka sakupezekamo. Ndalemba izi potsata zomwe mukuona pa kompyuta. Pezani chizindikiro chanu, ndipo muyambe ndi chifukwa choyamba, poti ndicho chimachitika kwambiri.

Kaikidwe ka mabuku komwe ndikukamba

Ndikukamba za Excel kapena Google Sheets, pa fayilo ya masamba awiri. Tsamba la `Malonda` lili ndi mzere umodzi pa lisiti lililonse: kolamu A tsiku, B nambala ya kasitomala monga K014, C mtundu wa zomwe zachitika, D ndalama. Tsamba la `Makasitomala` lili ndi mzere umodzi pa munthu aliyense: A nambala yake, B dzina, C tsiku lomwe anagula komaliza, D masiku amene apita. M'kabokosi ka H1 mumalemba tsiku lowerengera. Mafomula ake ndi awiri okha:

```
C2: =MAXIFS(Malonda!A:A, Malonda!B:B, A2)
D2: =$H$1-C2
```

Zitsanzo zonse pansipa zikuwerengera pa 30 Juni 2025, ndipo malire ndi masiku 45. Ndiye kuti aliyense amene sanagule kuyambira pa 16 Meyi ayenera kulowa pa mndandanda. Musanakhudze chilichonse, koperani fayilo yanu n'kuisunga padera. Kukonza madeti kumatha kuwononga zambiri pa mphindi imodzi.

Chizindikiro 1: pa mndandanda pali anthu amene akugulabe

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo limachititsa manyazi. Tsiku lina tinaimbira mayi wina wa golosale kumufunsa chomwe tamulakwira kuti asiye kubwera. Anatiyankha kuti, "Achimwene, makatoni a sopo omwe ndatenga Lachiwiri aja, ndatenga kwa ndani?" Tinapepesa, koma anadziwa kuti mabuku athu sakumudziwa.

Chifukwa choyamba: mwasefa malisiti m'malo mosefa anthu.

Ambiri amatsegula tsamba la malonda, n'kuuza `Filter` kuti ionetse zonse zogulidwa pasanafike pa 16 Meyi, kenako n'kutenga mayina onse otuluka. Zomwe mwapeza apo ndi anthu amene anagulapo kale, basi. Kasitomala wokhulupirika yemwe amabwera sabata iliyonse alinso ndi malisiti a mu Malichi, choncho atulukanso. Funso lenileni likukhudza lisiti lake lomaliza lokha.

- Poona: tengani dzina limodzi pa mndandandawo, mulifufuze ndi Ctrl+F pa tsamba la malonda. Mukapeza lisiti la mu Juni, vuto ndi lomweli.
- Pokonza: pezani kaye tsiku lomaliza la aliyense ndi `MAXIFS`, ndipo muzisefa pa tsamba la makasitomala, pa kolamu D.

Chifukwa chachiwiri: munthu mmodzi walembedwa m'njira ziwiri.

Ngati mumalemba mayina m'malo mwa manambala, izi sizilephera. Wogulitsa wa m'mawa walemba `Golosale pa depoti`, wa madzulo walemba `Pa depoti`, mwana wa abwana pa holide walemba `Depoti Grocery`. Kwa kompyuta awa ndi anthu atatu, ndipo awiri mwa iwo aoneka ngati anasiya kalekale. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisokoneza `MAXIFS`, koma kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa dzina kamasokoneza, ndipo maso sakaona.

- Poona: sanjani kolamu ya mayina motsata afabeti, muwerenge pang'onopang'ono. Fomula ya `=LEN(B2)` imawerenga zilembo. K014 ikapereka 5 m'malo mwa 4, pali kampata kobisika.
- Pokonza: `=TRIM(B2)` imachotsa mipata yapatsogolo ndi yakumapeto. Koma mankhwala enieni ndi kupatsa aliyense nambala yake, n'kuika `Data validation` pa kolamu B kuti wogulitsa azisankha pa mndandanda m'malo molemba yekha.

Ena amagwiritsa ntchito nambala ya foni ngati chizindikiro cha munthu. Zimathandiza, koma samalani. Excel imadya ziro woyambirira, wina amalemba kuyambira ndi +265, ndipo anthu ambiri ali ndi simu ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM. Fomula iyi imasiya manambala 9 omaliza kuti kalembedwe kafanane, ngakhale nkhani ya simu ziwiri muyenera kuithetsa nokha pomufunsa mwiniwake:

```
=RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",""),9)
```

Chifukwa chachitatu: deti lalembedwa ngati mawu.

`MAXIFS` imangoona madeti amene kompyuta yawazindikira ngati manambala. Ena onse imangowadumpha mwakachetechete. Nkhaniyi ndi yaitali, ndaiika pa Chizindikiro 3.

Chifukwa chachinayi: fomula ikuthera panjira.

Ngati munalemba `A2:A500` pomwe malisiti afika mzere wa 812, zonse za masabata apitawa sizikuwerengedwa. Mudzazindikira poona kuti palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe amene tsiku lake lomaliza ladutsa deti linalake. Sinthani kukhala `A:A` ndi `B:B`.

Chifukwa chachisanu: anagula, koma sanalembedwe.

Pa tsiku la msika, mzere ukatalika, ogulitsa amangolemba `cash` pa malo a dzina. Kapena mayi watuma mwana, kapena wakabaza, ndipo lisiti lalembedwa m'dzina la wotumidwayo. Apa palibe fomula yothandiza. Werengani kuti malisiti opanda dzina ndi angati pa mwezi. Akachuluka, mndandanda wanu uzingotengedwa ngati poyambira, ndipo muufunse kaye wa pa kauntala musanaimbe foni.

Chizindikiro 2: munthu anasiyadi, koma pa mndandanda palibe

Ili limapweteka mosaonekera, chifukwa palibe amene amadandaula. Mumangoona kuti mabelo a shuga akuchedwa kutha.

Chifukwa choyamba: kubweza ngongole kukuwerengedwa ngati kugula.

Taonani K022. Anaoda katundu wa K380,000 pa ngongole pa 12 Epulo, ndipo kuyambira pamenepo amatumiza K40,000 pa Airtel Money masabata awiri alionse. Ndalama iliyonse ikalowa imalembedwa pa tsamba la malonda ndi deti lake, choncho fomula ikuti anaonekera pa 21 Juni, masiku 9 apitawo. Zoona zake n'zakuti watha masiku 79 osatenga ngakhale paketi ya mchere. Akukubwezerani mwaulemu kwinaku akuoda kwina, ndipo ngongole ikadzatha simudzamuonanso. Munthu wotere ndi amene muyenera kumuimbira msanga kuposa onse. Zomwezi zimachitika ndi katundu wobwezedwa, monga katoni ya mafuta yomwe inadontha.

- Poona: yang'anani mzere womaliza wa munthuyo, muone ngati katundu anatulukadi m'sitolo.
- Pokonza: kolamu C ya tsamba la malonda izikhala ndi mawu atatu okha, `kugula` katundu akatuluka ngakhale ndi pa ngongole, `ngongole` munthu akabweza ndalama za ngongole, ndi `kubweza` katundu akabwezedwa, ndipo fomula iziona `kugula` basi.

```
=MAXIFS(Malonda!A:A, Malonda!B:B, A2, Malonda!C:C, "kugula")
```

Chifukwa chachiwiri: tsamba la makasitomala linapangidwa kuchokera ku malonda aposachedwa.

Anthu ambiri amayamba fayilo yatsopano mwezi uliwonse kapena chaka chilichonse, n'kutola mayina kuchokera m'fayilo yatsopanoyo. Amene anasiya mu Disembala sangapezeke m'fayilo yoyamba mu Januwale, ndiye palibe mzere woti fomula iwerengere. Tsamba la makasitomala likhale limodzi, lokhalitsa, longowonjezera. Malonda a miyezi 12 yapitayi akhale pa tsamba limodzinso.

Chifukwa chachitatu: anthu awiri akugawana nambala kapena dzina. Mukakhala ndi anthu atatu olembedwa dzina la mtundu limodzi popanda china chowasiyanitsa, mmodzi akamagula amabisa kusowa kwa enawo. Apatseni manambala osiyana.

Chifukwa chachinayi: H1 inaiwalika. Ngati muli deti la mwezi watha, masiku onse achepa ndi 30. Mutha kulembamo `=TODAY()`, koma dziwani kuti mndandanda uzisintha tsiku lililonse mukatsegula, ndipo sungafanane ndi womwe munasindikiza sabata yatha. Ine ndimalemba deti pamanja pa tsiku lomaliza la mwezi, n'kukopera zotsatira pa tsamba lina ndi `Paste special` kusankha `Values`, kuti ndizitha kuyerekeza Meyi ndi Juni.

Chizindikiro 3: masiku akutuluka odabwitsa

Kompyuta simasunga deti monga timalionera. Imasunga nambala ya masiku, ndipo 30 Juni 2025 ndi 45838. Mukadziwa zimenezi, zodabwitsa zambiri zimamveka.

Masiku ali ndi chizindikiro chochotsera, monga -98

Kwathu kuno timayamba ndi tsiku, kenako mwezi. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa kalembedwe ka ku Amereka, koyamba ndi mwezi. Mukalemba `10/06/2025` kutanthauza 10 Juni, kompyuta yotere imamva 6 Okutobala, deti lomwe silinafike, ndipo masiku amatuluka -98.

Choopsa n'chakuti si madeti onse amene amalakwika mofanana. Deti la pa 1 mpaka pa 12 limatembenuzidwa popanda chenjezo. Deti la pa 13 kupita m'tsogolo, monga `24/06/2025`, kompyuta imalephera kulimva poti kulibe mwezi wa 24, ndiye imalisiya ngati mawu wamba. Umu ndi momwe K031 anatulukira pa mndandanda wathu. Anagula pa 24 Juni, masiku 6 okha m'mbuyomo, koma lisitilo linadumphidwa. Fomula inagwira lisiti lake la pa 3 Epulo, lomwenso inaliwerenga ngati 4 Malichi, n'kutiuza kuti watha masiku 118.

Poona, yambani ndi maso: deti lenileni limatsamira kumanja kwa kabokosi, la mawu limatsamira kumanzere, pokhapokha wina atasintha mayalidwe. Kenako werengani madeti odwala:

```
=COUNTA(Malonda!A2:A5000)-COUNT(Malonda!A2:A5000)
```

Yankho liyenera kukhala 0. Likakhala 140, muli ndi malisiti 140 amene sakuoneka ku fomula yanu, ndipo mwina enanso ambiri atembenuzidwa.

Pokonza, tsatani ndondomeko iyi:

1. Tsekani kaye gwero la vuto. Pa Google Sheets pitani pa `File`, `Settings`, musinthe `Locale` kukhala `United Kingdom`. Excel ya pa kompyuta imatengera kalembedwe ka madeti ku Windows, choncho musinthe pa `Region`.
2. Madeti a mawu: pa Excel sankhani kolamu A, `Data`, `Text to Columns`, ndipo pa sitepe yachitatu musankhe `Date` ndi `DMY`.
3. Madeti otembenuzidwa sakonzeka ndi njira imeneyo, chifukwa kompyuta inawalandira kale ngati abwinobwino. Pa mizere yokhayo yomwe mwatsimikiza poyerekeza ndi buku la malisiti, gwiritsani ntchito `=DATE(YEAR(A2),DAY(A2),MONTH(A2))`.
4. Sinthani maonekedwe a kolamu kuti mwezi uzioneka ndi zilembo, monga `dd-mmm-yyyy`. Wogulitsa akalemba deti la Juni n'kuona `Oct`, azindikira pomwepo.

Pa sitepe yachitatu musathamange. Mukaika fomula imeneyo pa kolamu yonse, mutembenuzanso madeti amene anali olondola. Chomwe chimandithandiza n'chakuti malisiti amalembedwa motsatizana: deti la Okutobala lokhala pakati pa mizere ya Juni limadziulula lokha.

Masiku akutuluka 45838

Izi zikutanthauza kuti `MAXIFS` sinapeze kanthu ndipo yabweza 0. Pa kolamu C muona deti la chaka cha 1900 pa Excel kapena 30 Disembala 1899 pa Google Sheets. Mwina munthuyo analembetsa koma sanagulepo, mwina nambala yake siikufanana pa masamba awiriwo. Wosagulapo si wosiya, ndiye musamuwerengere pamodzi ndi enawo:

```
D2: =IF(C2=0,"sanagulepo",$H$1-C2)
```

Kolamu ya masiku ikuonetsa deti, monga 28/02/1900

Yankho ndi lolondola, maonekedwe ndiwo alakwika. Limenelo ndi 59 wovala chovala cha deti. Sinthani kolamu D kukhala `Number`.

Chizindikiro 4: fomula ikukana

- `#NAME?` kawirikawiri imatanthauza kuti Excel yanu ndi yakale. `MAXIFS` imapezeka pa Excel 2019 kupita m'tsogolo, pa Microsoft 365 ndi pa Google Sheets. Pa Excel 2010 kapena 2013 lembani fomula ili pansiyi, ndipo mutsirize ndi Ctrl+Shift+Enter.
- `#VALUE!` imabwera makolamu a mu fomula akasiyana kutalika, monga `A2:A900` ndi `B2:B500`.
- Ikakana kulowa n'komwe, yesani `;` pa malo a `,` chifukwa makompyuta ena anatcheredwa choncho.

```
=MAX(IF(Malonda!$B$2:$B$5000=A2, Malonda!$A$2:$A$5000))
```

Chizindikiro 5: masamu ali bwino, koma mndandanda sukuthandiza

Apa kompyuta ilibe mlandu. Vuto ndi malire a masiku omwe mwasankha, ndipo ndi pano pomwe ndimaona kuti eni mashopu ambiri amataya makasitomala ali ndi mndandanda m'manja.

Chifukwa choyamba: malire amodzi kwa anthu ogula mosiyana.

Tengani K014, wa hokala. Anayamba kuoda pa 7 Febuluwale, ndipo anafika komaliza pa 2 Meyi. M'masiku 84 amenewo anabwera ka 13, kutanthauza mipata 12 pakati pa maulendo ake. Gawani 84 ndi 12, mupeza kuti amabwera masiku 7 alionse. Ndi malire a masiku 45, iye akuyamba kuoneka pa 17 Juni, ndipo ngati mumatulutsa mndandanda kumapeto kwa mwezi, mukumuona pa 30 Juni atatha masiku 59. Munthu wa sabata ndi sabata akajomba maulendo asanu ndi atatu, wapeza kale pena pogula, mwina apatsidwa kale ngongole kumeneko.

Mbali ina kuli sukulu yogonera yomwe imaoda kamodzi pa teremu. Imeneyo izilowa pa mndandanda nthawi zonse popanda cholakwika chilichonse, ndipo mukazolowera kuona mayina otere mumayamba kunyalanyaza mndandanda wonse.

Chomwe ndimachita ine ndi kupatsa aliyense malire ake pa kolamu E: mpata wake wa nthawi zonse kuchulukitsa katatu. Kwa K014 ndi masiku 21, ndipo akanaonekera pa 24 Meyi. Katatu si lamulo, ndi muyeso womwe wandiyendera bwino pa katundu wa golosale. Mukaona kuti mukuimbira anthu omwe angochedwa pang'ono, kwezani. Mukaona kuti mukuchedwa, tsitsani, ndipo muzitulutsa mndandanda sabata iliyonse. Ngati kuwerengera aliyense kukukulemerani, agaweni m'magulu atatu: a sabata masiku 21, a mwezi masiku 60, a teremu masiku 150. Chenjezo limodzi: ngati mumalemba mzere pa katundu aliyense m'malo mwa lisiti lililonse, kuwerenga mizere kukupatsani maulendo ochuluka kuposa enieni, ndipo mpata utuluka waufupi monama. Munthu amene wangogula kamodzi kapena kawiri alibe mpata wodalirika. Muikeni pa gulu lakelake.

Chifukwa chachiwiri: nyengo.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndalama zimasowa m'midzi, ndipo magolosale ang'onoang'ono ena amatseka kaye mpaka anthu atakolola ndi kuyamba kugulitsa mbewu. Mndandanda wa Febuluwale umatalika chaka chilichonse. Musauyerekeze ndi wa Julayi. Uyerekezeni ndi wa Febuluwale chaka chatha. Onjezani kolamu ya ndemanga, mulembemo `amabwerera mu Epulo` kwa amene mukuwadziwa.

Chifukwa chachitatu: munthu sanasiye, koma akuchoka pang'onopang'ono.

Amene ankatenga mabelo khumi a shuga ndipo tsopano akutenga awiri sadzalowa pa mndandanda wa masiku, chonsecho mabelo asanu ndi atatu akugula kwina. Poona izi muziwerenga katundu, chifukwa ndalama zimanamiza mitengo ikakwera. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malisiti ambiri anakula pa ndalama pomwe makatoni otuluka anali ochepa.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

- Madeti otembenuzidwa ndi olondola asakanikirana pa miyezi yambiri, ndipo buku la malisiti kulibe kapena mizere inasanjidwanso. Kungoganizira kuwononga zambiri.
- Mwasanja kolamu imodzi yokha, mayina n'kusiyana ndi ndalama zake, ndipo fayilo yasungidwa. Musalembemo china chilichonse. Pa Google Sheets `Version history` itha kukubwezerani ya dzulo. Pa Excel funani kope lomwe munasunga padera.
- Malonda anu ali m'makina a pa kauntala kapena m'pulogalamu yowerengera ndalama. Tulutsani kope n'kugwirira ntchito pa kopelo. Kusintha za mkati mwa makinawo ndi ntchito ya amene anakuikirani, makamaka ngati zikukhudza malisiti a msonkho.
- Ndalama za pa tsamba la malonda sizikugwirizana ndi za m'kabati kapena za ku banki, kapena ngongole za anthu zasintha mutaphatikiza mayina. Apa pakufunika akauntanti, chifukwa nkhani yadutsa pa mndandanda.
- Fayilo ikutenga mphindi zingapo kutseguka chifukwa mizere yafika masauzande ambirimbiri. Nthawi yosamukira ku pulogalamu yoyenera yakwana.

Mukamapereka fayilo kwa wokuthandizani, kumbukirani kuti muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo dziko la Malawi lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinthu zotere. Chotsani kolamu ya mayina ndi ya mafoni, musiye manambala a K okha. Wokonza fomula safunika kudziwa kuti K022 ndi ndani, ndipo fayilo yotere musaitumize pa gulu la WhatsApp.